Mbaula zosatha nkhuni: mafunso ndi mayankho pa za utsi, mpweya ndi kutentha

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa amayi ophika, oumba mbaula ndi ogula pamsika. Zitsanzo zambiri tatenga pa Chitetezo Mbaula, chifukwa ndiyo yafala kwambiri m'midzi ya m'Malawi, koma mfundo zake zikukhudzanso Changu Changu Moto, mbaula za roketi ndi mbaula za makala.

Nkhuni ndi zomwezo, moto ndi womwewo. Ndiye mbaula ikusiyana pati ndi mafuwa atatu?

Pophika pamachitika ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mukazisiyanitsa m'mutu, mafunso ena onse aphweka. Ntchito yoyamba ndi kuotcha nkhuni kuti zipse zonse, osasiya utsi. Yachiwiri ndi kulowetsa kutentha kwa motowo mu poto. Utsi umachepa ntchito yoyamba ikayenda bwino. Nkhuni zimapulumuka makamaka ntchito yachiwiri ikayenda bwino.

Pa mafuwa, ntchito yachiwiriyi ndiyo imalephereka kwambiri. Moto uli pambalambanda, mphepo ikuukankhira uku ndi uku, malawi akutulukira m'mbali, kutentha kwina kukulowa pansi ndi m'miyala. Pa magawo 100 a mphamvu imene ili m'nkhuni, amene amafika mu chakudya nthawi zambiri amakhala pakati pa 10 ndi 15 basi. Mbaula ya dothi youmbidwa bwino imakweza chiwerengerochi kufika pakati pa 20 ndi 30. Imatero potchinga mphepo, kusonkhanitsa moto pamalo amodzi, ndi kukakamiza mpweya wotentha kuti ukhudze tako la poto usanathawe.

Kodi utsi umachokera kuti kwenikweni?

Utsi ndi nkhuni zimene zatuluka m'moto zisanapse. Chikuni chikayamba kutentha, choyamba kutuluka ndi madzi. Chikatentherapo chimayamba kusweka m'kati ndi kutulutsa mpweya woyaka wosakanikirana ndi phula. Lawi limene mumaliona ndi mpweya umenewu ukuyaka, ndipo mbali yaikulu ya mphamvu ya chikuni ili mu mpweyawu. Chotsala pambuyo pake ndiye khala.

Kuti mpweya wa m'chikuniwu uyake wonse, pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: kutentha kokwanira, kwa madigiri 600 kapena kuposa, mpweya wabwino wakunja woti usakanikirane nawo, ndi kanthawi koti ziwirizi zikumane lawi lisanazizire. Chimodzi chikasowa, mpweyawo umazizira n'kusanduka timadontho ta phula ndi mwaye. Ndi zimenezo zimene zimalowa m'maso, kudetsa tsindwi ndi kukhala m'chifuwa. Choncho mukaona utsi wambiri, dziwani kuti gawo la mtolo umene munasenza likuuluka osaphika kanthu.

Mbaula ilibe chopemerera. Mpweya umalowa bwanji wokha?

Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndipo umakwera. Ukakwera m'kati mwa chinthu chotchingidwa m'mbali, umasiya malo pansi, ndipo mpweya wozizira umathamangira kulowa pakhomo kudzadzaza malowo. Kukoka kumeneku kumapitirira malinga ngati moto ukuyaka. Amene anagwiritsapo ntchito koloboyi ndi nyali ya galasi akudziwa kusiyana kwake. Parafini ndi yemweyo, koma koloboyi amafuka mwaye, pamene nyali ya galasi imayaka mwee, chifukwa galasi lija limakoka mpweya kuchokera pansi n'kuudutsitsa pa lawi lenilenilo.

Mbaula ya roketi ndiyo inamangidwa kwathunthu pa mfundo imeneyi. Anaikonza ndi Dr Larry Winiarski wa ku bungwe la Aprovecho, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. M'kati mwake muli njira yokhota ngati chigongono: nkhuni zimalowa chogona, moto umakwera choimirira m'kachumuni kakafupi, poto ali pamwamba pake. Lamulo lake ndi lakuti kachumuniko katalike pafupifupi katatu kuposa m'mimba mwake. Kakafupika kwambiri, lawi limagunda poto lisanamalize kuyaka. Kakatalika kwambiri, kamakoka mpweya wozizira wochuluka, komanso poto amatalikirana ndi makala. Masitovu akuluakulu ophikira phala m'sukulu zambiri za m'Malawi ndi a mtundu umenewu, ndipo Changu Changu Moto, imene inafalitsidwa ndi bungwe la RIPPLE Africa ku Nkhata Bay, imatsata njira yomweyi pogwiritsa ntchito zidina ndi matope.

Chitetezo Mbaula ndi yaifupi, choncho kukoka kwake n'kocheperapo poyerekeza ndi roketi. Komabe kulipo, ndipo mutha kukuona: ikani kapepala koyaka pafupi ndi khomo moto uli mkati, lawi lake liweramira m'mbaula.

Ngati mpweya ndi wofunika chonchi, bwanji osangokulitsa khomo?

Chifukwa mpweya wochuluka umaziziritsa moto. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma imafuna pafupifupi makilogalamu 6 a mpweya kuti ipse yonse, ndipo mbaula imafunika kulowetsa woposerapo pang'ono popeza kusakanikirana sikukhala kwangwiro. Koma mpweya uliwonse wolowa umabwera wozizira, ndipo moto umawononga mphamvu pouwotha. Khomo likakula kwambiri, mpweya wambiri umangodutsa pamwamba pa nkhuni, kutenga kutentha n'kutuluka nako.

Chofunika kwambiri ndi kumene mpweyawo ukudzera. Wabwino ndi wodutsa pansi pa nkhuni, kupyola m'makala ofiira, chifukwa umafika pa lawi utatentha kale. N'chifukwa chake mbaula za roketi zimakhala ndi kashelefu kogonekapo nkhuni, pansi pake pali mpata. Pa Chitetezo mutha kuchita zofanana nazo: ikani kachidutswa ka njerwa kapena kamtengo kopingasa kunja kwa khomo, kuti nkhuni zitsamirepo ndipo zisagone phwathalala pansi. Musaseme khomo ndi mpeni kuti mulowe chikuni chachikulu. Kukula kwa khomo kunayesedwa molingana ndi kukula kwa m'kati.

Amatiuza kuti tiziika nkhuni ziwiri kapena zitatu zokha. Kodi moto wotero ungapse nsima ya banja lonse?

Ungapse, bola zikhale zouma ndi zowazidwa. Nkhuni zochindikala ngati zala ziwiri kapena zitatu ndizo zoyenera. Zilowetseni nsonga zokha, zitalikirane pang'ono kuti mpweya udutse pakati, ndipo muzizisonkhezera pang'onopang'ono pamene zikunyeka.

Chifukwa chake chili pa yankho la funso la utsi lija. Chikuni chonse chikalowa m'mbaula yotentha, thupi lake lonse limayamba kutulutsa mpweya woyaka nthawi imodzi, wochuluka kuposa umene mpweya wolowa pakhomo ungaotche. Pamwamba pa apo, nkhuni zothithikana zimatseka khomo lomwelo lolowera mpweya. Zotsatira zake ndi utsi wakuda, ndipo wophika amaganiza kuti moto wachepa n'kuwonjezera nkhuni zina, vuto n'kumakula. Kunena zoona, mbaula imafuna kuiyang'anira pafupipafupi kuposa mafuwa, pamene mumatha kuponya chitsa n'kupita kumadzi. Amayi ambiri amadandaula zimenezi masabata oyamba, ndipo dandaulo lawo n'lomveka. Zitsononkho, mapesi a chimanga ndi mitengo ya nandolo zimayaka bwino m'mbaula, koma zimatha msanga, ndiye zimafuna kusonkhezera kowirikiza.

Kodi khoma lochindikala la matope silo limasunga kutentha bwino?

Apa ndi pamene omanga ambiri amasokonezeka, chifukwa pali zinthu ziwiri zofanana m'maso koma zosiyana pa ntchito. Pali chinthu chimene chimamwa kutentha, ndipo pali chimene chimatchinga kutentha kuti kusadutse. Matope, mchenga, miyala, simenti ndi njerwa wamba zimamwa. Mukakoleza moto m'sitovu yaikulu ya matope m'mawa, gawo lalikulu la nkhuni zoyamba limathera kutenthetsa khomalo, ndipo lawi logunda khoma lozizira limafuka utsi. Mukamaliza kuphika, khoma lija limabweza kutenthako pang'onopang'ono kukhitchini mulibe munthu. Sitovu imene imakhala yofunda mpaka madzulo yadya nkhuni zanu zimene zikanaphika.

Chimene chimatchinga kutentha ndi mpweya wotsekeredwa m'timabowo ting'onoting'ono, umene sungayende. N'chifukwa chake zotchingira zabwino zonse n'zopepuka. Phulusa la nkhuni louma ndi limodzi mwa zabwino kwambiri, ndipo ndi laulere: pa mbaula ya malata awiri, lakunja ndi lamkati, phulusa limathiridwa pakati. Likanyowa kapena kusindiridwa kwambiri limataya mphamvu. Njira ina ndi kusakaniza mtapo ndi utuchi wosefa kapena mankhusu a mpunga musanaumbe njerwa. Pootcha, utuchiwo umapsa n'kusiya timabowo. Njerwa yotero mutha kuizindikira m'manja chifukwa imapepuka modabwitsa, ndipo zabwino kwambiri zimayandama pamadzi.

Koma pali malire. Utuchi ukachuluka, njerwa imafumbutuka nkhuni zikamaikhula ndipo singapirire kuvundula nsima. Choncho omanga odziwa amaika njerwa zopepukazi pozungulira moto penipeni, pokhala poto n'kuika chinthu cholimba.

Nanga Chitetezo Mbaula poti ndi ya mtapo wolimba wootcha, imapulumutsa bwanji nkhuni?

Funso labwino, ndipo yankho lake ndi lakuti Chitetezo si mbaula yotchinga kutentha kwambiri. Khoma lake limamwa kutentha ndithu, ndipo n'chifukwa chake imachedwa pang'ono kugwira m'mawa. Koma khomalo ndi la masentimita ochepa, osati mulu wa matope, ndiye limakhuta msanga. Likatentha limabwezera kutentha ku moto, makala amakhala ofiira nthawi yaitali, ndipo utsi umachepa. Phindu lake lalikulu limachokera pa kutchinga mphepo, kuchepetsa kukula kwa moto, ndi kukhazika poto pamtunda woyenera.

Mbaulayi inachokera ku mbaula za dothi za ku Kenya, ndipo m'Malawi inakhwimira ku Mulanje isanafalikire m'maboma ena. Inapangidwa kuti ikhale yotheka kuumbidwa m'mudzi ndi chikombole, yotsika mtengo, yonyamulika, ndi yolimba povundula. Pofuna zimenezi, panafunika kulolera kutaya kutentha pang'ono. Pamene boma linalengeza m'chaka cha 2013 cholinga chofikitsa mbaula 2 miliyoni m'makomo pofika 2020, Chitetezo ndiyo inanyamula gawo lalikulu la ntchitoyo.

Ngati simuisuntha, mutha kuiwonjezera mphamvu. Ikhazikeni pakona ya khitchini, muimangire kakhoma kozungulira kusiya mpata wa zala zitatu kapena zinayi, muthiremo phulusa louma, pamwamba mumate ndi dothi. Khomo ndi mipata ya pamwamba musatseke. Pansi pake muyale phulusa pang'ono kuti kutentha kusathere m'nthaka yonyowa.

Mpata wa pakati pa poto ndi mbaula uyenera kukhala wotani?

Kampata kameneka ndi kamene kamapulumutsa kapena kuwononga nkhuni zambiri kuposa china chilichonse, koma ndi kamene anthu sakayang'ana. Mpweya wosayenda umamatirira pa tako la poto ngati kachikopa kosaoneka, ndipo umatchinga kutentha. Kuti kachikopako kachoke, mpweya wotentha uyenera kudutsa mothamanga, mokhula poto. Mpata ukakula, mpweyawo umadutsa chapatali mwaulesi. Ukachepa kwambiri, mbaula imabanika, utsi n'kubwerera kukhomo.

Lamulo la Winiarski ndi lakuti njira ya mpweya ikhale yofanana kukula kuyambira pakhomo, m'kachumuni, mpaka potulukira pansi pa poto. Tiyeni tiwerengere mbaula ya roketi ya kachumuni kozungulira ka masentimita 12 m'mimba mwake, ndi poto wa masentimita 30.

Theka la m'mimba mwa kachumuniko ndi masentimita 6, ndiye kukula kwa kukamwa kwake ndi 3.14 × 6 × 6, kutanthauza masikweya sentimita 113. Mpweya ukatuluka umakhotera m'mbali monse, kudutsa pamlomo wa kachumuni. Kuzungulira kwa mlomowo ndi 3.14 × 12, pafupifupi masentimita 38. Tikagawa 113 ndi 38 tipeza masentimita 3. Ndiye pamwamba pa mlomo wa kachumuni, tako la poto likhale pa masentimita 3. Mpweyawo ukamafalikira kunja, bwalo limakula. Kumphepete kwa poto kuzungulira ndi 3.14 × 30, pafupifupi masentimita 94. Tikagawa 113 ndi 94 tipeza masentimita 1.2. Choncho pamwamba pa mbaula pasakhale pathyathyathya: pakhale potsetsereka ngati mbale, pozama masentimita 3 pakati, pokwera mpaka mpata utsale masentimita 1.2 m'mphepete.

Zimenezi zikusonyeza chifukwa chake timiyendo tokhazikapo poto sitiyenera kutalika. Ambiri amaumba ta masentimita 4 kapena 5 poopa kuti moto ubanika, ndipo potero amataya phindu lalikulu la mbaulayo. Pa Chitetezo, timafuwa titatu ta pamwamba tija ndi timene timasunga mpata umenewu. Tikagumuka, poto amakhala pamlomo n'kutseka njira. Mukaikapo miyala kuti poto akwere, moto umathawira m'mbali monga pa mafuwa. Poto wamng'ono kwambiri amasiya malo otseguka m'mbali, ndipo wamkulu kwambiri moto umangomugwira pakati.

Ndamva za siketi ya poto. Ndi chiyani, ndipo n'zoona kuti imathandiza?

Ndi lata lopindidwa mozungulira poto, losiya mpata wa pafupifupi sentimita imodzi kuzungulira konse. Mpweya wotentha ukachoka pansi pa poto, m'malo mobalalika, umakakamizika kukwera mokhula m'mbali mwake. Pa poto wamtali, m'mbali muli malo aakulu kuposa pansi, ndiye phindu lake ndi lenileni. Masitovu a m'sukulu aja amapulumutsa nkhuni zambiri makamaka chifukwa mphika wonse umamira m'siketi yomangidwira pomwepo.

Pakhomo, siketi imayenerana ndi nyemba, madzi osamba ndi thobwa. Pa nsima imasokoneza, chifukwa wophika amafunika kugwira poto povundula, ndipo lata limaotcha manja. Ambiri amaivala pamene madzi ndi phala zikuwira n'kuivula pofika povundula. Siketi imodzi imayenerana ndi poto mmodzi, pokhapokha ikhale yotha kufutukuka.

Ogulitsa amati nkhuni zimatsika ndi theka. Ndingadziwe bwanji zoona zake pakhomo panga?

Theka limatheka pa mbaula yabwino m'manja mwa wophika wosamala, koma pa Chitetezo m'makomo ambiri chiyembekezo chabwino ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kuposerapo pang'ono. Zimadaliranso mmene munkaphikira kale. Mayi amene ankakoleza moto waung'ono pamalo otchingika adzaona kusintha kochepa kuposa amene ankasonkha chimoto pabwalo.

Mutha kuyesa nokha ndi sikelo yopachika, yonga ya ogula mbewu. Unjikani nkhuni zouma za mtundu umodzi zokwanira sabata. M'mawa uliwonse pimani mulu woposa umene mungagwiritse ntchito, ndipo m'mawa wotsatira pimani zotsala. Chitani masiku atatu pa mafuwa, atatu pa mbaula, mukuphika zakudya za masiku onse. Musayese tsiku la nyemba mbali imodzi yokha.

Tiyerekeze banja la anthu 6. Pa mafuwa lagwiritsa ntchito makilogalamu 9.5, 10.5 ndi 10, onse pamodzi 30, kutanthauza 10 patsiku. Pa mbaula lagwiritsa 7, 6.5 ndi 6, onse pamodzi 19.5, kutanthauza 6.5 patsiku. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 3.5 pa 10 aliwonse, ndiye kuti 35 pa 100 aliwonse. Pachaka zimenezi zimaposa makilogalamu 1,200. Ngati tsiku lina kunabwera alendo, gawani nkhuni za tsikulo ndi chiwerengero cha amene anadya, kuti muyerekeze za munthu mmodzi. Ndipo musayese sabata yoyamba mutangogula mbaula, dzanja lisanazolowere.

Mbaula yanga ikufuka utsi kwambiri. Chalakwika n'chiyani?

Yambani ndi kuyang'ana mtundu wa utsiwo ndi kumene ukutulukira. Utsi woyera wochindikala, nkhuni zikulira ndi kutuluka thovu kumapeto, ndi chizindikiro cha nkhuni zonyowa. Onani funso lotsatira. Utsi wakuda wokhala ndi malawi aatali otuluka m'mbali mwa poto ukutanthauza kuti nkhuni zachuluka kuposa mpweya. Chotsani chimodzi kapena ziwiri, mudikire kamphindi, muone kusintha.

Utsi ukamabwerera pakhomo, njira yotulukira yatsekeka. Nyamulani poto pang'ono: utsi ukasiya kubwerera, vuto ndi mpata wa pansi pa poto. Ngati sitovu ili ndi chumuni, mwina mwadzaza mwaye. Moto ukamazilala ngakhale nkhuni zili zouma, yang'anani phulusa. Likaunjikana mpaka kukwirira nsonga za nkhuni, mpweya sudutsanso pansi. Liwoleni musanakoleze moto uliwonse, kusiya kochepa koyala pansi.

Utsi wa mphindi zoyamba pokoleza ndi wachibadwa, chifukwa khoma likadali lozizira. Kuti nthawiyi ifupike, yambani ndi tinkhuni touma kwambiri, ndipo musakhazike poto lawi lisanagwire bwino. Pokolezera musagwiritse ntchito majumbo kapena zidutswa za pulasitiki, utsi wake ndi woipa kwambiri m'mapapo.

Kodi mbaula ingathe kuyatsa nkhuni zaziwisi?

Ingaziyatse movutikira, koma singachotse madzi ali m'kati mwake popanda kulipira. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mu mtolo wa makilogalamu 10 muli madzi okwana malita 5, ndipo moto uyenera kuwawiritsa onsewo mpaka aphwe. Kilogalamu ya nkhuni zaziwisi imapereka pafupifupi theka la kutentha kwa kilogalamu ya zouma, ndipo nthunzi yake imaziziritsa lawi. Waziranitu nkhuni nyengo ya chilimwe, muziunjike pamwamba pa miyala kapena pa thandala pansi pa denga. M'dzinja, tsamiritsani nkhuni za mawa pambali pa mbaula yofunda mukamaliza kuphika, moto utazimiratu.

Nanga mbaula za makala? Mfundo zake ndi zomwezi?

Zambiri ndi zomwezo, koma makala alibe lawi lalitali, ndiye poto amafunika kukhala pafupi kwambiri nawo. Mbaula ya lata lokhalokha imataya kutentha m'mbali monse. Ikani dzanja pafupi mumve. Mbaula ya jiko, imene inakonzedwa ku Kenya m'zaka za m'ma 1980 ndipo lero imapangidwa ndi amisiri m'matauni athu, ili ndi mbale ya dothi lootcha m'kati mwa lata, yokhala ndi mabowo pansi. Dothilo limasunga makala ali ofiira, mabowo amalowetsa mpweya kuchokera pansi, ndipo kachitseko ndiko kamalamulira moto. Katsekuleni pokoleza ndi powiritsa. Chakudya chikawira, katsekeni pafupifupi konse. Amene amasiya kachitseko kotsekula nthawi zonse amataya gawo lalikulu la phindu la jiko. Mabowo akatsekeka ndi phulusa, atokoseni ndi kamtengo.

Chenjezo lalikulu: makala amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa kaboni monokisaidi, umene suoneka ndipo sununkha. Mbaula yabwino siuthetsa. Musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji mu June ndi July. Mutu, chizungulire ndi nseru pamene mbaula ili m'nyumba ndi chizindikiro choti aliyense atuluke panja nthawi yomweyo, ndipo wofooka kapena wokomoka athamangire naye kuchipatala.

Ndikagula mbaula, ndiye kuti ana anga atetezeka ku chifuwa ndi chibayo?

Musadalire mbaula yokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni m'chaka cha 2020, choncho nkhaniyi ndi yaikulu. Koma kuchepetsa utsi pang'ono sikufanana ndi kuufikitsa pa mlingo wosavulaza. Kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS anachitika m'Malawi mommuno, ku Chikwawa ndi ku Karonga, pa ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zokhala ndi kafani kopemerera, zoyaka bwino kuposa Chitetezo. Patatha zaka ziwiri, chibayo sichinatsike mwa ana a m'mabanja amenewo. Chimene chinatsika ndi kupsa ndi moto kwa ana. Zina mwa zifukwa zimene chibayo sichinatsikire n'zakuti mbaulazo zinkawonongeka, mabanja ankapitiriza kukoleza mafuwa pambali, ndipo ana ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zootchedwa.

Ndiye gulani mbaula chifukwa cha nkhuni, nthawi ndi chitetezo ku moto, ndipo pa za mapapo onjezerani izi: phikirani panja kapena pakhonde nyengo ikalola, khitchini ikhale ndi zenera kapena mpata pansi pa denga mbali ziwiri, ndipo mwana asakhale kumsana pamene mukukoleza moto, chifukwa ndi nthawi imene utsi umachuluka.

Kodi kuika chumuni sikungathetse vuto lonseli?

Chumuni imatulutsa utsi panja, ndipo pa thanzi la wophika zimenezi n'zamtengo wapatali. Koma imafunika sitovu yomata bwino, imene poto amatseka bowo lake lonse, apo ayi utsi umatulukira m'mbali. Chumuni yaitali imakokanso kwambiri, ndipo sitovu ikakonzedwa molakwika imadya nkhuni kuposa mafuwa. Imafunanso kupala mwaye kawirikawiri, ndipo podutsa pa denga la udzu pamafunika kutchinga bwino kuti pasagwire moto. Pa Chitetezo siingatheke, chifukwa utsi wake umatulukira mozungulira poto.

Mbaula yanga yachita ming'alu. Ndiitaye?

Timing'alu tating'ono ngati tsitsi timabwera pa mbaula zambiri za dothi, chifukwa m'kati mumatentha msanga kuposa kunja. Sitisokoneza kuphika. Mng'alu umene ukuonetsa kuwala kwa moto ndiwo vuto, chifukwa ukulowetsa mpweya wozizira pamalo olakwika. Mangani mbaulayo ndi waya mozungulira, mumate mng'aluwo ndi mtapo wosakaniza ndi phulusa, kapena muimangire pakona monga tafotokozera pa funso la Chitetezo. Timafuwa ta pamwamba tikathyoka kapena khomo likagumuka, ndi bwino kugula ina.

Pogula, igogodeni ndi chala: yopsa bwino mu uvuni imalira ngati belu, yosapsa kapena yosweka m'kati imalira mogontha. Tengani poto wanu wa nsima mukamuyeserepo, muone ngati akukhala osagwedera ndiponso ngati mpata uli wofanana mbali zonse. Kunyumba musaizimitse ndi madzi ikadali yotentha, musaisiye pamvula, ndipo musathyolere nkhuni pamlomo pake.

Nyemba ndizo zimatithera nkhuni. Pali njira ina pambali pa mbaula?

Ilipo, ndipo imagwiritsa ntchito mfundo ya kutchinga kutentha yomwe ija. Madzi akawira, kuwonjezera moto sikuwatenthetsa kuposa pamenepo, kumangowaphwetsa msanga. Choncho nyemba zikawira, tsalani ndi chikuni chimodzi ndipo poto akhale wovundikira. Kuziviika usiku wonse kumafupikitsanso nthawi yophika.

Kuposa apo, konzani dengu lomalizira kuphika. Yalani m'dengu nsalu zakale, udzu wouma, masamba a nthochi ouma kapena mankhusu a mpunga osokeredwa m'thumba, mochindikala masentimita 10 pansi ndi m'mbali, ndi pilo wa zomwezo wovundikira pamwamba. Wiritsani nyemba zoviika kwa mphindi 20 mpaka 30 pa mbaula, ziwire kwenikweni, kenaka lowetsani poto wovundikira m'dengumo mwachangu, osatsekulanso kwa maola atatu kapena anayi. Poto wodzaza amasunga kutentha bwino kuposa wa theka. Mukatsekula n'kupeza kuti zazizira mpaka kufunda chabe, ziwiritseninso pa mbaula musanadye.